Mau a Pansi pa Chithunzi cha Tsiku Loyamba pa Ntchito

M'nyumba zambiri za aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi ena ogwira ntchito zosamukasamuka mumapezeka chithunzi cha mtundu umodzi. Mnyamata kapena mtsikana waima chilili pakhomo pa nyumba yosadziŵika, malaya ositidwa bwino, nsapato zonyezimira, manja akusoŵa pokhala, ndipo nkhope yake ikuyesa kumwetulira koma maso akukana. Aliyense akachiona amazindikira kuti limenelo linali tsiku loyamba pa ntchito. Koma mukafunsa kuti kumeneku kunali kuti, chinali chaka chanji, ndipo mai waima pambaliyo ndani, ana a m'nyumbamo amangoyang'anana. Mukachitembenuza mumapeza kumbuyo kuli mbee, popanda ngakhale chilembo chimodzi. Ngati mwini wake adatsikira kuli chete, nkhani yonse ya tsikulo idapita naye.

Masiku ano zithunzi zachuluka ngati mchenga, pakuti lamya za m'manja zambiri zimajambula. Mau otsagana nazo nawonso achuluka, koma ambiri a iwo ndi obwereka. Wina alemba kuti moyo watsopano wayamba, wina kuti maloto akwaniritsidwa, wina aikapo timanja topemphera basi. Mau otere angathe kukhala pansi pa chithunzi cha ukwati, cha galimoto yatsopano, kapena cha munthu wotuluka m'chipatala, ndipo palibe chimene chingasinthe. Ife tifuna kukambirana nanu, aŵerengi athu, za kalembedwe ka mizere iŵiri kapena itatu imene iyenera kukhala pansi pa chithunzi cha tsiku limene munthu wafika kumalo achilendo kudzayamba ntchito, mtima uli m'mwamba, koma ali ndi chiyembekezo.

Amene tagwira ntchito ya uphunzitsi tili ndi chitsanzo pafupi. Mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu aliyense muli buku lalikulu lotchedwa logibuku, m'mene amalemba zochitika zazikulu za pasukulu. Mphunzitsi watsopano akafika, ahedi amatenga cholembera nalemba tsiku, dzina la wobwerayo, kumene wachokera, ndi kalasi imene wapatsidwa. Ndi mzere umodzi kapena iŵiri, youma ngati chikuni, koma patapita zaka 30 mzere umenewo umayankhabe mafunso onse amene chithunzi chopanda mau chimalephera kuyankha. Chimene logibuku ilibe ndi mtima wa munthu wobwerayo. Tsono ife timaona kuti mau abwino a pansi pa chithunzi ndiwo mzere wa m'logibuku, kuonjezapo chiganizo chimodzi kapena ziŵiri zimene ahedi sakanatha kulemba chifukwa sanali m'chifuwa mwa mlendoyo.

Ife tidayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1994, pamene boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ana nakhamukira kusukulu kuposa mmene makalasi akanalandirira. Aphunzitsi zikwizikwi tidalembedwa ntchito mofulumira chaka chimenecho, ambiri tisanapondeko ku koleji. Pa nthaŵiyo wojambula ankayenda pa njinga yakapalasa, kamera ili pakhosi, ndipo chithunzi chinkabwera patapita masabata aŵiri kapena atatu, filimu ikadzaza ndi kukatsukidwa ku tauni. Chathu chitabwera, ahedi athu, bambo wachikulire amene ankakonda dongosolo kuposa nsima, adatikhazika pansi natiuza kuti tilembe kumbuyo kwake pomwepo iwo akuona. Adati tilembe tsiku, sukulu, kalasi, maina a onse amene ali pachithunzipo, kenaka chinthu chimodzi chimene tinkaopa mmaŵa wa tsikulo. Tidalemba kuti tinkaopa kuti choko chidzathyoka m'manja mwathu ana akuona, chifukwa dzanja linkanjenjemera. Lero tikaŵerenga mzere umenewo, fungo la choko limatibwerera m'mphuno, chinthu chimene nkhope ya pachithunzipo payokha sichita.

Nkhani imene tifuna kuiyala bwinobwino ndi ya mwana wa mlongo wathu, amene adakulira kudera la Dedza, natsiriza maphunziro a zaka ziŵiri a uphunzitsi, nadikira kwa nthaŵi ndithu, kufikira kalata itabwera yomtumiza ku boma la Mchinji. Anali asanafikeko chibadwire. Adakwera minibasi ku Lilongwe, natsata mseu wa kumadzulo wodzera pa Namitete ndi pa Kamwendo, ulendo wa makilomita ngati 110, mpaka mapiri a Mchinji adaonekera kutsogolo. Adayamba wakaonekera ku ofesi ya maphunziro pa Boma, kumene adaona dzina lake pa mndandanda namuuza zoni ndi sukulu yake. Kuchokera apo adakaonana ndi mlangizi wa sukulu za m'zoniyo, ndipo Lolemba mmaŵa kabaza adamtula pa sukulu ina ya kunja pang'ono kwa tauni, cha kunjira yopita kumalire. Adasaina m'buku la nthaŵi, ahedi adamlemba m'logibuku, adamuonetsa kwa ana pa asembule, nampatsa Sitandade 2, kaundula wa maina ndi bokosi la choko. Ana ataŵeruka, mphunzitsi mnzake adamjambula ataima pakhomo pa kalasi pamodzi ndi mai wachiŵiri kwa ahedi.

Madzulo a tsikulo chithunzicho chidatifika pa lamya, ndipo pansi pake padali mau akuti: "Tauni yatsopano, ntchito yatsopano. Mantha pang'ono koma zonse zikhala bwino." Kenaka adatiimbira.

"Amalume, ndifuna kuchitumiza kwa amai ndi kuchiikanso poti anzanga a ku koleji aone. Mauwo ali bwino?"

Tidamuyankha kuti mauwo alibe bodza, koma tidampempha kuti aphimbe chithunzicho ndi chala, aŵerenge mau okhawo, atiuze ngati munthu angadziŵe kuti wolembayo ndi mphunzitsi, namwino kapena wogulitsa m'sitolo, ndiponso ngati ali ku Mchinji, ku Nsanje kapena ku Joni. Adaseka nati sangadziŵe. Ameneŵa ndiwo mayeso oyamba a mau a pansi pa chithunzi, ndipo ndi osavuta: ngati mau anu angathe kunyamulidwa ndi kukaikidwa pansi pa chithunzi cha munthu wina popanda kusintha kanthu, ndiye kuti simunalembe za tsiku lanu.

Tidayamba ndi tsiku. Achinyamata amaganiza kuti lamya imasunga tsiku yokha, ndipo ndi zoona kuti imatero pa chithunzi choyambirira chimene chili m'lamya yojambulayo. Koma chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, chimachepetsedwa ndipo zolembedwa zobisika za tsiku lojambulira zimatsala m'mbuyo. Wolandirayo amangokhala ndi tsiku limene chidamfika. Chikadutsa m'lamya zitatu kapena zinai, tsiku lenileni latayika. Choncho tsiku liyenera kulembedwa m'mau enieniwo, lathunthu, ndi chaka chomwe. Kulemba kuti "lero" n'kopanda phindu, pakuti maŵa lomwe liu limenelo layamba kale kunama. Tidamuuza kuti aikeponso dzina la tsiku la m'sabata, popeza munthu amakumbukira Lolemba msanga kuposa nambala. Adalemba: Lolemba, 16 Sepitembala 2024.

Pa za malo tidakhalitsapo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amafupikitsa mopitirira. Liu lakuti Mchinji limatanthauza tauni ya pa Boma, komanso boma lonse, kuyambira kwa Mavwere kukafika kwa Mkanda ndi kwa Dambe. Mphunzitsi wa ku Kapiri ndi mphunzitsi wa pafupi ndi malire onse angalembe kuti ali ku Mchinji, chikhalirecho pakati pao pali ulendo wautali ndithu, ndipo misika imene amagulako ndiwo ndi yosiyana. Tsono payenera kukhala dzina la sukulu kapena la malo a ntchito, kenaka zoni kapena mfumu yaikulu ya deralo, kenaka boma. Sitilitchula pano dzina la sukulu ya mwanayu, koma iye adalilemba lonse.

Palinso chifukwa china cholembera malo pamodzi ndi chaka, ndipo Mchinji yemweyo ndiye mboni. Pa nthaŵi ya Atsamunda malowa ankatchedwa Fort Manning, dzina lochokera ku linga la asilikali limene lidamangidwa m'masiku a nkhondo yolimbana ndi Angoni a Mpezeni kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Wina akapeza chithunzi cha agogo ake cholembedwa dzina limenelo kumbuyo, dzinalo lokha lamuuza kale nyengo imene chidajambulidwa. Njanji yochokera ku Lilongwe idafika ku Mchinji m'chaka cha 1980, ndipo idatha zaka 30 ikuthera pomwepo, kufikira m'chaka cha 2010 pamene chigawo chokafika ku Chipata chidatsegulidwa. Pa chipata cha Mwami, makilomita ngati 12 kuchokera pa Boma, nyumba zatsopano zoonera apaulendo a maiko onse aŵiri pamalo amodzi zidatsegulidwa m'chaka cha 2022. Munthu amene adayamba ntchito ku Mchinji m'chaka cha 1975, wina m'chaka cha 1995, ndi mwana wa mlongo wathuyu, adafika m'matauni atatu osiyana ngakhale dzina la pamapu lili limodzi.

Za maina a anthu sitichulutsa. Aliyense wooneka pachithunzi atchulidwe, kuyambira kumanzere kupita kumanja, pamodzi ndi udindo wake, ndipo wojambulayo atchulidwenso. Mwanayu anali asanagwire bwino dzina la mai amene adaima naye, ndipo ankachita manyazi kufunsanso. Tidamuuza kuti tsiku loyamba ndi lachiŵiri ndiwo masiku okha amene mlendo amaloledwa kufunsa dzina kaŵiri popanda wina kukhumudwa.

Tsono tidafika pa mantha aja.

"Iwe mwana, ukuti mantha pang'ono. Ukuopa chiyani?"

Adayamba wati sakudziŵa, kuti ndi mantha chabe. Tidadikira. Patapita kanthaŵi adayamba kutchula, ndipo zidatuluka zinthu zinai. Choyamba, m'kaundula adapezamo maina 112, pamene ku koleji adaŵerenga kuti cholinga cha boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, ndipo sankaona mmene liu lake laling'ono lidzafikire mzere wa kumbuyo. Chachiŵiri, adalibe nyumba. Usiku umenewo ankagona pamphasa kwa mphunzitsi mnzake. Chachitatu, ndalama zimene adachoka nazo kwao zinali zoŵerengeka, ndipo ankadziŵa kuti pa ntchito yatsopano iliyonse malipiro oyamba sabwera tsiku limene munthu akuwafuna. Chachinai chinali chaching'ono koma chidamlasa: mwana wina atafunsidwa dzina adayankha ndi mau amene iye sadawamve, kalasi yonse n'kuseka.

Chachinaichi tidamfotokozera. Kumalire kumeneko anthu a mbali zonse ziŵiri ndi apachibale, amakwatirana, amalirana maliro, ndipo chiyankhulo cha Angoni ndi Ansenga a ku Chipata chimamveka m'makomo ambiri. Mwana angathe kunena kuti "newo" pamene ife tinena kuti "ine", kapena "lomba" pamene ife tinena kuti "tsopano", kapena "nifuna" m'malo mwa "ndifuna". Si mwano, ndipo si umbuli. Mphunzitsi wochenjera amaphunzira mau oterowo m'sabata yoyamba, ndipo ana akamva aphunzitsi awatchula amakhala ngati apatsidwa mphatso.

Onani tsono kusiyana kwake. Liu lakuti "mantha" lili ngati thumba lomanga pakamwa. Woŵerenga amaona kuti muli kanthu koma sadziŵa ngati ndi chimanga kapena miyala. Amai ake a mwanayu akadaŵerenga kuti "mantha pang'ono", sakadagona usiku umenewo, pakuti mtima wa kholo umadzaza thumba lotere ndi zoopsa zonse zimene udamvapo za kumalire. Koma akaŵerenga kuti mwana wao akuopa kuti liu lake silifika kumbuyo kwa kalasi, amaseka, nakumbukira mmene mwana yemweyo ankaitanira mbuzi kutsidya kwa dambo, ndipo amadziŵa chomuyankha. Mantha otchulidwa dzina amachepa m'maso mwa woŵerenga, ndipo kaŵirikaŵiri amachepanso m'maso mwa wolemba.

Komabe si mantha onse amene ayenera kukwera pansi pa chithunzi, ndipo pano pafunika kusankha. Tidamfunsa kuti atchule anthu amene adzaŵerenga mauwo. Adatchula amai ake ndi anzake a ku koleji. Tidamkumbutsa kuti pofika madzulo a tsiku loyamba anali atapatsana kale manambala a lamya ndi ahedi, achiŵiri ao, ndi aphunzitsi ena atatu, ndipo sabata isanathe adzakhala atapatsananso ndi wapampando wa komiti ya sukulu ndi mwini nyumba imene adzachite lendi. Onseŵa adzaona. Mau a tsiku loyamba amalembedwa poganizira akwanu, koma amene amawaŵerenga mosamalitsa kwambiri ndi eni dera, chifukwa afuna kudziŵa kuti mlendo wao akuwaona bwanji.

Pa chifukwa chimenechi nkhaŵa ya malipiro tidaichotsa. Imeneyo ndi nkhani ya m'banja ndi ya mu ofesi, yoyenera kunenedwa pakamwa kwa amene angathandize. Ikalembedwa poyera pa tsiku loyamba imamveka ngati dandaulo la munthu amene sanagwire n'komwe ntchito. Za nyumba tidati zingaloŵe pokhapokha zitatembenuzidwa kukhala kuthokoza amene wampatsa pogona, pakuti kulemba kuti "kulibe ndi nyumba yomwe" n'kuchititsa manyazi komiti ndi makolo amene mwina akuumba njerwa zake. Zotsala zinali ziŵiri, kuchuluka kwa ana ndi chiyankhulo, ndipo zonsezi zinali mantha okhudza iye mwini ndi luso lake, osati mlandu woikidwa pa wina. Lamulo lathu ndi limenelo: lembani mantha amene akunena za kuchepa kwanu, musunge amene akunena za kupereŵera kwa eni malo.

Taonapo achinyamata ena akulemba pansi pa zithunzi zao kuti "anditaya kutchire", kapena kuchita nthabwala zakuti afika kwao kwa ozembetsa katundu pamalire. Amatero pofuna kuseketsa anzao a m'tauni, ndi pofuna kubisa mantha ao omwe. Koma mau oterowo amafika kwa kholo la mwana wa m'kalasi mwao dzuŵa lisanaloŵe kaŵiri, ndipo amakumbukiridwa ngakhale patapita zaka zisanu. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa ndipo ayenera kupiriridwa. Wotumizidwa pa ntchito sali mame ai. Adzatunga pa mjigo womwewo, adzagula tomato pa msika womwewo, ndipo akadzadwala usiku, amene adzamnyamule ndi anthu omwe adawatcha a kutchirewo.

Chiyembekezo nacho chili ndi vuto lofanana ndi la mantha. "Zonse zikhala bwino" ndi mau otonthoza, koma palibe tsiku limene munthu angadzabwerere kwa iwo n'kunena kuti zidachitikadi kapena sizidachitike. Tidamfunsa mwanayu zinthu ziŵiri: chimene waona lero chomwe champatsa mtima, ndi chimene akufuna kuti chikhale chitachitika pofika tsiku lina lodziŵika. Pa choyamba adayankha msanga. Adati pa nthaŵi yopuma mai wachiŵiri kwa ahedi uja adamgaŵira mbatata yophika ndi mtedza wokazinga, namuuza kuti nayenso adafika pasukulupo asakudziŵa munthu, ndipo tsopano ana ake onse adabadwira konko. Adatinso poŵeruka anali atagwira kale maina a ana asanu ndi anai. Pa chachiŵiri adaganiza nthaŵi yaitali. Poyamba adati afuna kuti ana onse adziŵe kuŵerenga. Tidati cholingacho n'chabwino, koma n'cha chaka chonse ndipo sichili m'manja mwake yekha. Kenaka adati afuna kuti pofika potsekera teremu aziitana mwana aliyense ndi dzina lake osayang'ana m'kaundula. Chimenecho tidachivomera, chifukwa chili ndi malire, chili m'mphamvu yake, ndipo aliyense amene adaimapo patsogolo pa ana oposa 100 adziŵa kuti mwana woitanidwa ndi dzina amakhala chete msanga kuposa woitanidwa kuti "iwe wa kumbuyo".

Mau amene adatuluka pamapeto pake, titachotsa maina a anthu ndi a sukulu, ndi aŵa:

"Lolemba, 16 Sepitembala 2024, tsiku langa loyamba kuphunzitsa, pa sukulu yathu ya kufupi ndi Boma la Mchinji. Kumanja kwanga ndi mai wachiŵiri kwa ahedi, amene andigaŵira mbatata yao lero. Andipatsa Sitandade 2, ana 112, ndipo ndikuopa kuti a kumbuyo sakundimva. Maina ndagwira 9. Pofika potsekera teremu ndifuna ndikhale nditagwira onse."

Muona kuti liu lakuti "chiyembekezo" mulibe, ndipo lakuti "mantha" laloŵa m'malo mwake mneni wokhala ndi chinthu choopedwacho. Muonanso kuti mantha aikidwa patsogolo ndipo chiyembekezo pambuyo, chifukwa chimene chatsirizira ndicho chimatsala m'khutu. Nkhani ya chiyankhulo adaisiya yekha, nati idzakhala ya m'kalata, ndipo adachita bwino, pakuti pansi pa chithunzi pamakwana mantha amodzi okha. Aŵiri kapena atatu amasandutsa mauwo kukhala maliro. Utali wake ndi mau ngati 50, ndipo kupitirira apo munthu wayamba kulemba kalata.

Wina angafunse kuti nanga dzina la Mulungu lili pati, popeza ambiri a ife sitiyamba chinthu osamtchula. Mwanayu adaonjezadi kachiganizo koyamika kumapeto kwa mau opita kwa amai ake, ndipo kadakhala bwino pamenepo chifukwa kadatsatira zinthu zenizeni zoyamikira. Chimene ife sitikondwera nacho ndi pamene mau oyamika aikidwa okha kuti aphimbe malo a tsiku, dera ndi maina, ngati nsalu yokongola yoyalidwa pa tebulo lopanda chakudya. Woyamika amene watchula mbatata ndi dzanja limene laipereka wayamika mokwanira kuposa amene wangolemba liu limodzi lalikulu.

Tisanatseke lamya tidayang'ananso chithunzicho, pakuti mau abwino sangakonze chithunzi cholakwika. M'dzanja lamanzere mwanayu adagwira kalata yake yomtumiza, yotambasula, ndipo munthu akakulitsa chithunzicho ankatha kuŵerenga dzina lake lonse ndi manambala a pakalatapo. Akathyali a pa lamya amafuna zoterozo kuti aimbire munthu monamizira kuti ndi a ku likulu, namuuza kuti atumize ndalama kuti dzina lake liloŵe msanga pa mndandanda wa malipiro. Wantchito watsopano, amene sanadziŵe kayendedwe ka zinthu ndipo ali ndi nkhaŵa ya ndalama, ndiye nyama yao yofeŵa. Tidamuuza kuti adule mbali imeneyo. Pa zenera kumbuyo kwake padaonekanso nkhope za ana atatu osuzumira. Kwa amai ake chikanatha kupita chomwecho, koma choika poyera tidati anawo achotsedwe, popeza makolo ao sadafunsidwe. Pa chifukwa chofanana, m'mau oika poyera adachotsamo dzina la sukulu n'kusiya la boma lokha, ndipo dzina la mai uja adaliikamo atawapempha mmaŵa mwake. Choncho padakhala mau aŵiri: athunthu a m'banja ndi osungidwa, ndi ofupikitsidwa a anthu onse.

Chotsala ndi kasungidwe. Chithunzi choikidwa pamalo pamene achinyamata amati pa sitetasi chimafufutika chokha pakatha maola 24, pamodzi ndi mau ake. Lamya imagwa m'madzi, imabedwa, kapena imadzaza mwini wake n'kufufuta zakale kuti apeze malo. Tidamuuza kuti malipiro oyamba akadzafika akatsukitse chithunzicho pa pepala, makope aŵiri, limodzi lake ndi lina la amai ake. Polemba kumbuyo asagwiritse ntchito bolopeni mokanikiza, chifukwa imadinda mizere yooneka kumaso kwa chithunzi, ndipo inki yake isanaume imathimbirira chithunzi chimene chasanjikizidwa nacho. Pensulo yofeŵa ndiyo yabwino, chithunzi chitagonekedwa chafufumimba pa tebulo lolimba, ndipo alembe cha m'mphepete, osati kumbuyo kwa nkhope. Mapepala ambiri a zithunzi a masiku ano ndi oterera kumbuyo moti pensulo imakana. Zikatero alembe mauwo pa kapepala koyera n'kukaika m'thumba limodzi la alubamu ndi chithunzicho, osamata ndi guluu kapena selotepi, pakuti zimenezi zimasanduka zachikasu ndi kudya pepala pakapita zaka.

Makope aŵiriwo adatsukidwa pa situdiyo ina ya pa Boma. Limodzi lili m'kati mwa chikuto cha buku lake la masikimu. Linalo lidapita ku Dedza pa tchuthi cha Khirisimasi, ndipo mlongo wathu adalipachika pabalaza, kapepala ka mau kali pansi pa galasi lomwelo. Pansi pa mzere wotsiriza mwanayu adaonjezapo ndi pensulo, tsiku lotsekera teremu, kuti maina adagwira 104, ndi kuti ana asanu ndi atatu otsalawo ndi amene ankabwera mwa apo ndi apo, ena a iwo chifukwa mabanja ao amalima tsidya lina la malire.